Dontho la Mafuta pa Malaya a Thonje

"Mafuta ophikira andidonthera pa malaya a thonje pomwe ndimakazinga nyama kuno ku Mbare. Ndichite chiyani ndisanaike m'makina ochapira?"

Achemwali, musayambe ndi madzi. Pakani sopo wamadzi wotsukira mbale pansalu youma, pamene padonthera mafutapo, mudikire mphindi 15, kenako mutsukuluze ndi madzi ofunda musanaike m'makina.

Ngati dontho ndi latsopano, yambani mwadinikiza pepala pa mafutawo, osapukuta, chifukwa kupukuta kumamwaza mafuta n'kuwalowetsa mkati mwa ulusi. Thirani ufa wosalala kapena soda, mudikire theka la ola kuti uyamwe mafuta, kenako mukutumule. Ikani katoni mkati mwa malaya kuti mafuta asadutsire kumsana.

Dontho lofanana ndi kandalama kachitsulo limangofuna theka la sipuni yaing'ono ya sopo. Fikisani ndi zala kapena mswachi wakale, kuyambira m'mphepete kupita pakati. Sopo ameneyu anapangidwira kusungunula mafuta, koma nsalu ikakhala yonyowa kale, madzi amamuchepetsa mphamvu asanafike pa ulusi. Tsukuluzani ndithu, chifukwa wotsalira amachita thovu lambiri m'makina.

Chapani pa madigiri 40 ngati kachizindikiro ka chovalacho kakulola. Mukatero yanikani, muyang'ane pakauma, poti nsalu yonyowa imabisa dontho. Mukaonabe kamthunzi kakuda, bwerezaninso sopo, ndipo musasite, chifukwa kutentha kwa simbi kumakhazikitsa mafuta.

Petulo kapena palafini musagwiritse ntchito, nthunzi yake ingathe kuyaka m'makina. Ngati chizindikiro chikuletsa kuchapa ndi madzi, pitani ndi chovalacho kwa akatswiri ochapa zovala, muwauze mtundu wa mafutawo.