Panelo ya sola yafika yosweka ku Kapiri: mmene mungawayankhire aphunzitsi

"Ndili ndi shopu ya zipangizo za sola pa boma la Kasungu. Dzulo Lachiwiri ndinatumiza panelo ya mawati 150 pa minibasi kwa aphunzitsi ena a ku Kapiri, amene analipiratu K185,000 pa Airtel Money. Yafika galasi litasweka, ndipo anditumizira chithunzi ndi uthenga waukali. Kondakitala akukanitsitsa kuti sinaswekere m'manja mwake. Ndiwayankhe bwanji, popeza pa lisiti langa palembedwa kuti katundu wogulidwa sabwezedwa?"

Mayi, musalole kuti dzuwa lilowe lero musanawayankhe, ngakhale kuti simunadziwebe chimene muchite ndi kondakitalayo. Munthu amene walipiratu ndalama zochuluka chonchi kwa wogulitsa amene ali kutali, mantha ake aakulu amakhala oti wogulitsayo azimitsa foni, ndipo ukali umene mwauwerenga mu uthenga wawo mbali yaikulu ndi mantha amenewo. Muwaimbire foni kaye. Muwapatse moni, mupepese, kenako muwasiye alankhule mpaka amalize osawadula mawu, ndipo pomaliza muwauze kuti mukuwatumizira uthenga wolemba. Kulembako n'kofunika chifukwa zimene mwagwirizana pa foni aliyense adzazikumbukira mwa njira yake, pomwe tsiku ndi ndalama zolembedwa pa WhatsApp palibe amene angazikane.

Nkhani ya kondakitala musaiike m'yankho lanu. Mudzifunse funso limodzi: anasankha minibasiyo ndani? Ngati aphunzitsiwo akanatuma munthu wawo kudzatenga panelo pashopu panu, iye n'kuiona ili bwinobwino n'kunyamula, nkhani ikanakhala ina. Koma ngati ndinu munapita ku depoti, n'kusankha galimoto, n'kukambirana mtengo ndi kondakitala, ndiye kuti munawalonjeza kuti katundu akawapeza ku Kapiri ali wathunthu, ndipo iwo kondakitalayo sanapangane naye chilichonse. Mukalemba kuti "anyamata a minibasi ndi amene aswa", iwo amva kuti mukuwatuma kukasakasaka galimoto imene sakuidziwa n'komwe. Mlandu wanu ndi kondakitala mukautengere kwa akuluakulu a pa depoti kapena kwa mwini galimoto, muli ndi nambala ya galimotoyo ndi zithunzi, koma aphunzitsi asadikire kuti mlanduwo uthe. Kunena zoona, milandu yotere nthawi zambiri imathera poti katundu sanatsegulidwe pokweza, ndiye musaike mtima wonse pa ndalama zochokera kumeneko.

Mawu a pa lisiti aja musawatchule. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la chaka cha 2003, ndipo bungwe la CFTC, loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, lakhala likuchenjeza amalonda kuti kulemba kuti katundu wogulidwa sabwezedwa sikuchotsa ufulu wa wogula amene walandira katundu wowonongeka. Mukawakumbutsa mawuwo, mwawapatsa umboni wolembedwa woti akadandaule nawo.

Zithunzi zina muzipemphe ndithu, koma musamale ndi kapemphedwe kake, pakuti mawu oti "tumizani umboni" amamveka ngati mukuwatcha akuba. Muwauze kuti mukufuna zithunzi kuti mukalankhule ndi amene ananyamula katunduyo, ndipo zimenezo n'zoona. Mupemphe zitatu: cha katoni mbali zonse, cha galasi lonse chojambulidwa panja powala, ndi cha kachikalata komatidwa kumbuyo kwa panelo, kamene kali ndi mtundu wake ndi mawati ake, kuti mutsimikize kuti ndi yomwe inachoka m'shopu mwanu. Galasi la panelo ndi lolimbitsidwa ndi moto, choncho silithyoka ming'alu iwiri kapena itatu ngati la zenera. Likasweka limaphwanyika tizidutswa ting'onoting'ono nkhope yonse, tizidutswato n'kukhalabe tomatirira pamalo pake. Mukayang'anitsitsa mudzaona pamene ming'alu yayambira. Ngati yayambira pakona, chitsulo cha m'mbali chitapindika ndipo katoni yafwanyika pakona yomweyo, panelo inagwa kapena inamenyedwa ndi chitseko cha kumbuyo. Ngati yayambira pakati, katoni n'kukhala yobooka kapena yophwatalala pamalo omwewo, ndiye kuti anaigoneka pansi n'kuikapo katundu wina wolemera pamwamba. Zonsezi zimachitika panjira. Chokhacho chimene chingakupatseni chifukwa chofunsa mafunso ena ndi kuona zizindikiro zoti inakwezedwa kale padenga, monga mabowo a m'chitsulo atapalika ndi mabawuti kapena mawaya atasendedwa. Popeza adandaula atangoilandira, sindikuona chifukwa chowakayikira, ndipo kupepesa kwanu kusadikire zithunzizo.

Pa chimene muwachitire, pali msampha umodzi umene ambiri timagweramo. Panelo yosweka galasi imatulutsabe magetsi, ndipo munthu akaiyesa padzuwa amaona babu ikuyaka, ndiye wogulitsa amati, "Ikugwira ntchito, ndikuchotsereni K50,000 muisunge." Musachite zimenezo. Galasi ndi limene limatchinga madzi, ndipo likasweka chinyezi chimalowa pang'onopang'ono, timizere ta chitsulo ta mkati timayamba dzimbiri, mphamvu n'kumatsika mpaka batire osadzazanso. Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, aphunzitsiwo adzakuimbiraninso, ndipo panthawiyo adzakhala ndi chifukwa chomveka chonenera kuti munawapusitsa. Kuchotsera mtengo n'koyenera pa chilema cha maonekedwe chabe, monga chitsulo cha m'mbali chokalika koma galasi lili lathunthu. Apa njira ndi ziwiri zokha, panelo ina kapena ndalama zonse, ndipo wosankha akhale iwo.

Musanalembe tsiku, mutsimikize kaye kuti panelo ina ya mawati 150 ilipodi m'shopu. Ngati muyenera kukaoda ku Lilongwe, muwerenge masiku enieni n'kuonjezapo limodzi. Mawu oti "posachedwapa" ndi "tiona chochita" asapezeke mu uthengamo. Poganiza kuti muli nayo, ndingalembe chonchi:

"Aphunzitsi, zikomo pondidziwitsa mwamsanga komanso ponditumizira chithunzi. Ndaona kuti panelo ya mawati 150 imene ndinakutumizirani dzulo yafika galasi litasweka. Pepani kwambiri. Munalipira katundu wabwino, ndipo unali udindo wanga kuonetsetsa kuti wakupezani ali bwino. Chonde musailumikize ku batire kapena kuikweza padenga, muibwezere m'katoni mwake, ndipo ana asaigwire chifukwa cha magalasi. Musankhe chimodzi mwa ziwiri izi. Ndikhoza kukutumizirani panelo ina yatsopano ya mtundu womwewo Lachisanu likubwerali, ndipo ifika pa Kapiri isanakwane 2 koloko masana. Kapena ndikhoza kukubwezerani K185,000 yonse pa nambala imene munalipirira, pamodzi ndi yochotsera, mawa isanakwane 12 koloko. Ndalama zonyamulira, zobweretsera yatsopano ndi zobwezera yoswekayo, ndilipira ine, inu simuonjezera kalikonse. Ngati n'kotheka, mundijambulireko katoni, galasi lonse ndi kachikalata ka kumbuyo, kuti zindithandize polankhula ndi amene ananyamula. Mundiuze chimene mwasankha, ndipo ndikuimbirani mawa m'mawa."

Muone kuti "pepani" alimo kamodzi kokha, ndipo sanatsatane ndi "koma". Kupepesa kasanu mu uthenga umodzi kumabisa tsiku ndi ndalama, zomwe ndi zimene wowerengayo akufunafuna. Mupewenso kulemba kuti "pepani ngati mwakhumudwa", chifukwa "ngati" ameneyo amasonyeza kuti mukukayika ngati pali chokhumudwitsa, pomwe galasi losweka lili pamaso pawo. Za yochotsera ndaziikamo dala. Mukabweza K185,000 yokha pa foni, iwo adzadulidwa pokatapa kwa ejenti, ndiye kuti ataya ndalama pa cholakwa chimene si chawo. Ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi mtengo wa panelo, koma anthu amaikumbukira.

Ine izi ndinaziphunzira pa vuto langa. Zaka zingapo zapitazo ndinatumiza batire kwa bambo ena a ku Mkanda, ndipo inafika itang'ambika pakona, asidi akudontha mpaka kunyowetsa katoni. Ndinawayankha mwaulemu wonse, ndinapepesa, koma ndinamaliza ndi mawu oti ndiwadziwitsa ndikakambirana ndi dalaivala. Dalaivalayo anandizemba sabata ziwiri, ndipo masiku onsewo bambowo ankaimba m'mawa ndi madzulo, ine n'kumasowa chowauza mpaka ndinayamba kuopa foni yanga yomwe. Batire ina ndinawapatsabe pamapeto pake, ndalama ndinaluza zomwezo zimene ndikanaluza tsiku loyamba, koma sanadzagulenso kwa ine.

Chimodzi chimene mungakambirane ndi nthawi yobweza yoswekayo. Musawauze kuti atumize kaye yoswekayo ndipo mukaiona ndiye mutumiza ina, chifukwa akatero atsala opanda panelo ndi opanda ndalama, ndipo adzakana. Njira yabwino ndi kusinthana pamalo amodzi: amene wabweretsa yatsopano atenge yoswekayo. Akasankha ndalama, mutumize ndalamazo kaye, yoswekayo ibwere pambuyo. Pa katundu wa mtengo uwu ndingakulangizeni kuti mutume mnyamata wa pashopu panu akwere nayo yekha kudzera pa Santhe, ngakhale mulipire mpando wachiwiri. Panelo iyende choimirira chammbali, osati chogona, makona onse anayi atakulungidwa ndi makatoni opindapinda, ndipo kutsogolo kwa galasi kukhale katoni ina yochindikala kapena pulayiwudi yopyapyala. Muijambule isanatsekedwe komanso itakwezedwa, chithunzi cha nambala ya galimoto muwatumizire aphunzitsi pamodzi ndi nthawi imene yanyamuka. Ikafika pa Kapiri, katoni itsegulidwe pomwepo pa siteji onse awiri akuona, aphunzitsi ayang'ane galasi ndi kabokosi ka mawaya ka kumbuyo, kenako akulembereni kuti alandira ili bwino mnyamatayo asanakwere yobwerera.

Ngati Lachisanu m'mawa mwaona kuti galimoto ichedwa, muwaimbire inu iwo asanakuimbireni, ndipo muwapatse nthawi ina yeniyeni. Mukadzapita kukasindikizitsa buku lina la malisiti, mzere uja muuchotse, m'malo mwake mulembe kuti wolandira atsegule katundu pamaso pa amene wabweretsa, ndipo akapeza vuto akuimbireni tsiku lomwelo.