Mzere ukupatsani 490, koma nsombayo ndi yolemera kuposa pamenepo

"Ndikuphunzira za usodzi kuno ku Mangochi. Anditumizira pa foni chithunzi cha galafu ya madontho, utali wa chambo ndi kulemera kwake, kuyambira masentimita 15 mpaka 25. Akuti ndijambule mzere, ndinene kulemera kwa chambo cha masentimita 35. Ndiyambire pati?"

Achemwali, musajambule ndi chala pa foni. Sindikizani chithunzicho, kapena koperani madontho papepala la galafu. Musanatero, onani manambala a m'mbali, chifukwa magalafu ambiri sayambira pa 0, ndipo wodula chithunzi nthawi zina amadulira kumodzi manambalawo. Ngati palibe, apempheni atumizenso.

Tengani lula yoonekera mkati, muigoneke motsata kumene madontho akulowera. Isuntheni mpaka madontho a pamwamba ndi a pansi achuluke mofanana, koyambirira ndi kothera komwe. Osangolumikiza dontho loyamba ndi lomaliza, komanso osaukakamiza mzere kudutsa pa 0. Dontho limodzi lotayika patali lisakukokeni dzanja.

Kenako werengani malo awiri otalikirana pa mzere wanuwo, osati pa madontho. Tinene kuti pa masentimita 15 mwapeza magalamu 50, pa 25 mwapeza 270. Kusiyana kwake ndi magalamu 220 pa masentimita 10, ndiye kuti sentimita iliyonse ikuwonjezera magalamu 22. Kuchoka pa 25 kufika pa 35 mukuwonjezeranso 220, yankho la mzere ndi magalamu 490.

Nambala imeneyi ine sindingaikhulupirire. Nsomba ikamatalika imanenepanso ndi kukula m'mimba, choncho kulemera kumathamanga kuposa utali. Ikatalika kawiri, imalemera pafupifupi kasanu ndi katatu. Kuchoka pa 25 kufika pa 35 ndi kuchulukitsa utali ndi 1.4, kunenepa ndi kukula m'mimba nakonso chimodzimodzi, ndipo 1.4 × 1.4 × 1.4 ndi pafupifupi 2.7. Chulukitsani 270 ndi 2.7, mupeza magalamu oposa 700. Mzere wapereweza ndi magalamu oposa 200.

Chizindikiro chake chili pa galafu yomweyo. Ngati madontho a kumapeto onse awiri ali pamwamba pa mzere pomwe a pakati ambiri ali pansi, madonthowo akupindika, lula ndiyo ikubisa. Yesaninso kubwerera m'mbuyo: pa masentimita 10 mzere wanu ukupereka 50 kuchotsa 110, kulemera kosafika ndi pa 0 pomwe. Nsomba yotero m'nyanja ya Malombe mulibe.

Ndiye lembani 490 monga yankho la mzere, chifukwa ndi zimene akufunsani, muonetse malo awiri amene munawerenga. Pansi pake onjezani kuti 35 ili kunja kwa nsomba zimene zinayezedwa, ndipo kulemera kwenikweni kuyenera kukhala kokwera. Akadafunsa za masentimita 22 bwenzi mzerewo ukugwira bwino ntchito, magalamu pafupifupi 200.