Mtengo wa m'nyuzipepala si umene mungagulitsire masheya anu

"Ndili ndi masheya 20,000 a kampani ina. Nyuzipepala ikuti sheya imodzi ndi K50, koma buloka, amene amandigulira ndi kundigulitsira masheya, akuti ndikagulitsa onse lero ndipeza K900,000, osati K1,000,000. Kodi akundibera?" Wafunsa mphunzitsi wina wa ku Kasungu.

Aphunzitsi, sindikuganiza kuti akukuberani. K50 ija ndi mtengo umene anthu awiri anagwirizana pa malonda omaliza, mwina dzulo, mwina sabata yatha. Pa msika wa masheya wa ku Blantyre, monga pa misika ina yonse, pamakhala mitengo iwiri: umene ogula akulonjeza kupereka, ndi umene ogulitsa akuitanitsa. Wofuna kugulitsa pompopompo amalandira wa ogula, womwe ndi wotsika, ndipo wofuna kugula pompopompo amalipira wa ogulitsa. Mpata wa pakati pa mitengo iwiriyi ndiwo amautcha sipuredi.

Tiyerekeze kuti ogulitsa akuitanitsa K52, pomwe ogula alipo atatu okha. Woyamba akufuna masheya 5,000 pa K48, wachiwiri 5,000 pa K46, wachitatu 10,000 pa K43. Mpata ndi K4, kutanthauza kuti munthu wogula ndi kugulitsanso tsiku lomwelo ataya pafupifupi K8 pa K100 iliyonse, buloka asanatengepo komishoni yake. Koma inu katundu wanu ndi wambiri, choncho mukamaliza wogula woyamba mutsikira kwa wachiwiri, kenako kwa wachitatu. K240,000, K230,000 ndi K430,000 zikaphatikizidwa zikukwana K900,000, ndiye kuti sheya iliyonse yapita pa K45.

Gwero lake ndi kuchepa kwa ogula ndi ogulitsa, zimene akatswiri amati kuchepa kwa likwiditi. Thumba la chimanga pa msika wa Kasungu silichedwa kupeza wogula, ndipo mitengo ya mavenda imayandikana chifukwa akulimbirana. Ngolo yakale si choncho: woigula amadziwa kuti ikhoza kumukhalira miyezi asanapeze woitenga, motero amanenerera kwambiri kuti adziteteze. Masheya a makampani ena ali ngati ngolo ija, makamaka pamene gawo lalikulu lili m'manja mwa kampani ina yaikulu kapena mathumba a penshoni, omwe amagula n'kungosunga zaka zambiri.

Pemphani buloka akuonetseni mndandanda wa ogula ndi kuchuluka kwa masheya amene agulitsidwa mwezi uno. Mtengo wosasuntha masiku ambiri usakunyengeni kuti ndi wokhazikika, chifukwa kawirikawiri umangosonyeza kuti palibe malonda achitika. Ngati ndalamazo si za fizi ya mawa, muuzeni agulitse 5,000 pa K48, otsalawo awaike pa mtengo umene simukufuna kutsikirapo. Dziwani kokha kuti akhoza kukhala milungu osagulidwa, ndipo wogula wa K46 uja akhoza kuchokapo mukudikira.