Polemba tsiku lomaliza pa fomu pomwe simunamalize

"Abale, ndikulemba fomu yofunsira ntchito pa intaneti. Ndakhala ndikuphunzitsa pa sukulu ina ku Chibavi kuyambira Malichi 2021 mpaka pano, komanso ndikuchita digiri ku Mzuni. Ndikasiya posalemba pa End date, fomu ikukana kupita. Ndilembepo chiyani?"

Achemwali, muyambe mwafufuza kabokosi kolembedwa I currently work here kapena Present. Pa foni kamakonda kubisala m'munsi, ndiye tsitsani tsambalo mpaka pansi. Mukakadina, malo a tsikuwo amatsekeka okha.

Ngati kulibe, pa ntchito ya uphunzitsiyo lembani tsiku limene mukutumiza fomu, osati lakutsogolo. Mafomu ambiri amawerengera okha zaka zimene munthu wagwira ntchito. Tinene kuti mukutumiza pa 10 Juni 2025: kuchokera Malichi 2021, ndi zaka 4 ndi miyezi 3. Mukangoponyapo Disembala 2026 kuti fomu ipite, makina awerenga zaka 5 ndi miyezi 9. Ngati akufuna munthu wa zaka 5, mudutsa ndithu, koma pa intavyu adzayang'ana pepala lija nkukufunsani kuti miyezi 18 inayo mwaigwira liti. Pamenepo muoneka wabodza musanalinge nkomwe kunama, ndipo zimandiwawa kuona munthu wolimbikira akugwa pa kanthu kotere. Ndiye m'bokosi lofotokozera zimene mumachita pa ntchito, mzere woyamba unene kuti mudakali pomwepo ndipo tsikulo mwaliika chifukwa fomu yaumiriza.

Za sukulu ndi zosiyana. Kumeneko lembani mwezi umene mukuyembekezera kulemba mayeso a semesita yomaliza, mutaona pa kalendala ya maphunziro. Musatenge tsiku lovala gawuni, chifukwa mwambowo umabwera patapita miyezi ndipo umatha kusunthidwa. Ngati munabwereza chaka kapena munayamba mwapuma chifukwa cha fizi, werengerani kuchokera pamene muli pano, osati zimene zili m'kalata yokuitanani kusukulu ija. Pakakhala posankha, dinani In progress kapena Expected. Completed musaiyandikire, chifukwa kenako akufunsani setifiketi yomwe mulibe. Fomu ikakana tsiku lakutsogolo, ikaninso lalero, ndipo mwezi weniweni muulembe m'kalata yofunsira ntchito ndi pa CV.

Kena kanandivutitsa ineyo ndili m'kafe ina m'tauni, mayunitsi akutha. Ndinalemba 10/06/2025, fomu nkumangofiira. Kani inali ya MM/DD/YYYY, yoyamba ndi mwezi, ndiye inkawerenga 6 Okutobala, tsiku lomwe linali lisanafike. Nditatembenuza kukhala 06/10/2025 inapita nthawi yomweyo. Yang'anani timalemba totuwa tili m'kabokosimo musanalembe, ndipo mukamaliza jambulani sikirini kuti pa intavyu mukanene zofanana ndi zimene munatumiza.