Zolemba za pa mwendo wa magalasi: zimanena chiyani, nanga tizikhulupirire mpaka pati?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Mangochi, ndipo walemba kuti: "Ndagula magalasi a dzuwa kwa mnyamata wina pafupi ndi msika, yemwe akuti anawagula kwa mzungu ku Cape Maclear. Felemu yake ndi yachitsulo, yakuda. Pagalasi la kumanja palembedwa Ray-Ban P, ndipo mkati mwa mwendo wa kumanzere muli RB3025 AVIATOR LARGE METAL L0205 58□14 3N. Mwendo winawo uli ndi Made in Italy ndi CE. Kodi ndi enieni, kapena ndaponya ndalama m'madzi?"

Zikomo bambo chifukwa chokopera chilembo chilichonse monga chilili, pakuti yankho la funso lanu lili mu mzere womwewo. Tiyeni tiuike pawokha kuti tiuwerenge bwino:

```
RB3025 AVIATOR LARGE METAL L0205 58□14 3N
```

Zilembo ziwiri zoyambirira ndizo zimaulula dzina la magalasi, ngakhale pamene dzina lenilenilo lafufutika ndi thukuta. RB ndi Ray-Ban, monga momwe OO imaimira magalasi a dzuwa a Oakley, PO imaimira Persol ndipo GG imaimira Gucci. Nambala yotsatira, 3025, ndi ya kapangidwe kake, ndipo iyi ndi ya magalasi aja a waya wopyapyala omwe poyamba ankapangira oyendetsa ndege. Kenaka pakubwera L0205, yomwe ndi nambala ya mtundu wa felemu pamodzi ndi mtundu wa galasi. Manambala awiri olekanitsidwa ndi kabokosi ndi miyeso ya mamilimita: 58 ndi m'lifupi mwa galasi limodzi, pomwe 14 ndi mpata wa pamphuno pakati pa magalasi awiriwo. Pomaliza pali 3N. Nambala 3 ikunena kudera kwa galasi pa mndandanda woyambira 0 kulekezera 4, ndipo galasi la gulu lachitatu limalowetsa pakati pa 8 ndi 18 peresenti ya kuwala, zomwe ndi zoyenera dzuwa la kunyanja kwanuko. Chilembo N chikutanthauza galasi wamba, losakhala ndi sefa yotchinga kunyezimira. Likanakhala ndi sefayo, pakanalembedwa 3P.

Mzerewu pawokha ulibe cholakwika, ndipo magalasi enieni okhala ndi zolemba zimenezi alipo. Koma opanga zachinyengo sapeka manambala, amangokopera a magalasi enieni n'kuwadinda pa katundu wawo yense mosayang'ana mtundu. Choncho chofunika kufunsa si chakuti kaya nambalayo ilipo, koma kaya chinthu chomwe chili m'manja mwanu chikugwirizana ndi zomwe nambalayo ikunena. Apa m'pamene magalasi anu akudzitsutsa okha, ndipo akutero kawiri.

Poyamba, L0205 ndi nambala ya felemu ya mtundu wa golide yokhala ndi galasi lobiriwira modera lomwe kampaniyo imalitcha G-15. Inu mwanena kuti yanu ndi yakuda. Felemu yakuda ya kapangidwe komweka imakhala ndi nambala ina, monga L2823, kapena 002/58 ikakhala ndi sefa ija. Mukhoza kudzitsimikizira nokha polemba RB3025 L0205 pa foni yanu n'kuyerekeza zithunzi za patsamba la kampani ndi zomwe mwagwirazo. Kachiwiri, chilembo P chomwe chili pagalasi pambuyo pa dzina chimalembedwa pa magalasi okhala ndi sefa yotchinga kunyezimira okha basi, pamene mwendo ukunena N, kuti sefayo palibe. Fakitale yomwe imapanga galasi ndi mwendo kuti zituluke pamodzi siingalembe zinthu ziwiri zotsutsana chotere.

Ndiyenera kuchitira chilungamo mnyamata wogulitsayo pa mfundo imodzi. Magalasi akale amakonzedwa, ndipo mwendo ukathyoka anthu amachotsa wa magalasi ena n'kumangirirapo, kotero zolemba za pamwendo zikhoza kukhala za magalasi ena osati amenewa. Koma zikanakhala choncho, mwendo wa L0205 ukanakhala wa golide pa felemu yakuda, ndipo mukanaona msanga. Ngati mwendo wanuwo ndi wakuda ngati felemu yonse, chodzikhululukira chimenechi chagwa.

Za Made in Italy ndi CE sindichedwapo, chifukwa sizithandiza kwenikweni. CE si dzina la kampani, ndi chizindikiro chomwe wopanga amaika ponena kuti katundu wake akutsata malamulo a ku Ulaya, ndipo wachinyengo amachidinda mosavuta. Komanso anthu ambiri amalakwitsa poganiza kuti Made in China ndi umboni wa chinyengo. Kampani ya ku Italy ya Luxottica, yomwe inagula Ray-Ban kwa Bausch & Lomb ya ku America mu 1999, ili ndi mafakitale ku China komwe, ndipo magalasi ena enieni amachokera kumeneko. Chaka chimenechi chimathandizanso pa magalasi a pakaunjika: opangidwa kugulitsanaku kusanachitike nthawi zambiri amakhala ndi B&L Ray-Ban U.S.A. pa felemu komanso zilembo BL pagalasi, ndiye mukaona BL pamodzi ndi nambala yamakono yoyamba ndi RB, mwina wina wasakaniza nthawi ziwiri.

Pali zoyesa zina zomwe mungachite muli pakhonde panu. Tengani rula ya mwana wa sukulu muyeze galasi limodzi mopingasa pamene pali potambalala kwambiri. Liyenera kukhala mamilimita 58, ndipo ngati lapereweza kapena lapitirira ndi mamilimita awiri kapena atatu, ndiye kuti nambala ija inangodindidwa. Yang'anani galasi la kumanzere cha m'mphepete, pafupi ndi polumikizira mwendo, pomwe payenera kukhala zilembo RB zazing'ono zogobedwa m'galasimo mwaukhondo, osati zopakidwa utoto woti n'kuchoka ndi chikhadabo. Galasi la G-15 pa kapangidwe kameneka ndi galasi lenileni osati pulasitiki, ndipo limamveka lozizira ndi lolemererako mukaligwira, komanso limalira mosiyana mukaligogoda pang'ono ndi chikhadabo. Timapilo ta pamphuno tili ndi RB pa kachitsulo ka mkati mwake. Ndikuchenjezeni komabe kuti achinyengo aluso amakopera zonsezi, motero kupezeka kwake sikutsimikizira kanthu, koma kusowa kwake ndiko kumatsutsa.

Chilembo P chija n'chosavuta kuchiyesa kwa munthu wokhala ku Mangochi. Imani m'mbali mwa mtsinje wa Shire kapena pagombe la nyanja dzuwa likupendeka, gwirani magalasiwo patsogolo panu moyang'ana pamadzi pomwe pakunyezimira, kenaka atembenuzeni pang'onopang'ono mpaka ataimirira chammbali. Ngati sefa ilipo, kunyezimirako kumazilala magalasi akakhala mowongoka n'kubwereranso mukawatembenuza. Ngati palibe chikusintha, P ameneyo ndi wokongoletsa chabe.

Maganizo anga ndi akuti magalasi anuwa si enieni, ndipo felemu yakuda yonyamula nambala ya golide ndi yokwanira kundifikitsa pamenepo. Chomwe chikundidetsa nkhawa koposa dzinalo ndi maso anu. Galasi lodera limachititsa kuti mwanadiso atseguke kwambiri, ndipo ngati galasilo silitchinga cheza cha dzuwa chosaoneka chomwe chimawononga maso, chezacho chimalowa chochuluka kuposa mmene chikanalowera mutapanda kuvala kanthu. Magalasi otchipa ambiri amatchinga bwinobwino, ena satchinga, ndipo simungasiyanitse ndi maso kapena ndi kapepala ka UV400 komwe kamamatidwa pagalasi. Musanayambe kuwavala tsiku lonse panyanja kapena pa njinga yamoto, apititseni kwa opima maso omwe ali ndi makina oyezera cheza chimenechi, kaya mukapita ku Zomba kapena ku Blantyre, ndipo muwapemphe ayeze magalasi onse awiri, lililonse palokha.