Bilu yongoyerekeza: kalata yopanda manambala a pa mita sipita patali

"Abale, shopu yanga yalandira bilu ya magetsi yokwera modabwitsa. Akuti miyezi itatu sanawerenge mita, amangoyerekeza. Ndikufuna kulemba kalata yoti aunikenso. Ndilembemo chiyani?"

Achimwene, cholembera chiyambe chadikira. Pitani kaye pa mitapo ndi foni, lero lomwe. Jambulani chithunzi choonetsa zinthu ziwiri nthawi imodzi: manambala amene mita ikuwerenga, ndi nambala ya mitayo imene inadindidwa pathupi pake. Chithunzi cha manambala okha amachikana, amati tidziwa bwanji kuti ndi mita yanu. Ndipo nambala ya mitayo muifananitse ndi imene ili pa bilu, chifukwa pamalo pamene pali mashopu ondondozana, mamita ali pakhoma limodzi, zimachitika kuti mukulipirira magetsi a mnzanu wowotcherera zitsulo.

Powerengapo samalani. Ngati mita yanu ndi ya manambala ozungulira, nambala yomaliza yofiira ija, kapena imene ili kuseri kwa kadontho, ndi kachigawo chabe ka yunitsi, musaiphatikize. Mukaiphatikiza mwadzichulukitsira nokha kakhumi. Ngati ndi yagalasi yosinthasintha manambala, dikirani aoneke amene ali ndi kWh pambali. Pa mamita ambiri amatsagana ndi chizindikiro cha 1.8.0. Enawo ndi tsiku, nthawi, kapena zina zosakhudza nkhaniyi.

Kenako tulutsani mabilu onse mubwerere m'mbuyo mpaka mupeze yomaliza imene munthu anawerengadi mita. Mabilu ambiri amaika E pambali pa nambala yoyerekeza ndi A pa yowerengadi, kapena amalemba mawu onse. Mlandu wanu wonse wagona pa nambala imeneyo. Mita sibwerera pa ziro mwezi ukatha, imangowonjezera, choncho nambala ya lero kuchotsapo yomaliza yowerengadi ija ndiwo magetsi amene munagwiritsa ntchito, palibenso zokambirana.

Tiyerekeze kuti pa 3 Malichi anawerenga 18,420. Epulo, Meyi ndi Juni sanabwere, amangoika mayunitsi 900 mwezi uliwonse potengera nyengo imene shopu inali ndi mafiriji atatu, pamene awiri munagulitsa kale. Bilu ya pa 3 Juni ikunena kuti mita yafika pa 21,120, kutanthauza mayunitsi 2,700. Inu mwajambula tsiku lomwelo mwapeza 19,710. Chotsani 18,420 pa 19,710, mutsala ndi 1,290. Akulipiritsani mayunitsi 1,410 amene sanadutse pa mita yanu. Gawani 1,290 ndi masiku 92, mupeza mayunitsi pafupifupi 14 patsiku. Ndiye kwa sabata imodzi muziwerenga mita m'mawa uliwonse pa ola lomwelo ndi kulemba. Ikamayenda 13, 14, 15 patsiku, umboni wanu wamanga mfundo.

Chimene chimandiwawa ine pa nkhani zimenezi n'chakuti ofesi yolandira madandaulo ndi gulu lodula magetsi sadziwana. Kalata mwapereka, mwamva kuti "tikuunika, mudikire", mtima wakhala pansi. Koma mu kompyuta mwawo ngongole ija ikadali pomwepo, ikuwerenga masiku. Ndiye Lachisanu madzulo, maofesi atatsala pang'ono kutseka, galimoto yaima pakhomo, makasitomala ali pamzere. Mukuti ndinalemba kalata, iwo akuti ife tili ndi pepala lodulira basi, za kalata mukafunse ku ofesi. Firiji yazima. Loweruka m'mawa madzi ofiira ayamba kutsetsereka pansi pa chitseko chake, pofika Lamlungu nyama yasintha mtundu, mkaka watupa m'mapaketi, fungo likulonjera anthu panja. Lolemba mukupita ku ofesi, amene analandira kalata uja akuti sakukukumbukirani, kalatayo sikuoneka, ndipo kuti akulumikizeninso mulipire ngongole yonse kuphatikizapo chindapusa. Woyerekeza ndi iwo, wotaya kalata ndi iwo, koma nyama yowola ndi yanu. Munthu amene sanafike pa mita miyezi itatu, podzadula ndiye njira amaidziwa bwinobwino!

N'chifukwa chake kalatayo ikhale yaifupi, tsamba limodzi, ndipo ipemphe zinthu zotchulika. Pamwamba dzina limene lili pa akaunti (ngati ili m'dzina la eni nyumba, asayine ndi iwo kapena akupatseni kalata yokulolezani, apo ayi akubwezani), nambala ya akaunti, nambala ya mita, malo a shopu, foni yanu. Mkati mwake mawu onga awa akwanira:

"Ndikupempha kuti muunikenso mabilu a Epulo, Meyi ndi Juni, amene anali ongoyerekeza. Mita inawerengedwa komaliza pa 3 Malichi, inali pa 18,420. Pa 3 Juni inali pa 19,710, monga chithunzi chikuonetsera, pamene bilu ikunena 21,120. Ndinagwiritsa ntchito mayunitsi 1,290, osati 2,700. Ndikupempha kuti mutumize munthu adzawerenge mita ine ndilipo, mundipatse bilu yokonzedwa, ndipo musadule magetsi pamene nkhaniyi ikuunikidwa. Ndalipira kale gawo la mayunitsi 1,290, risiti ndaphatikiza."

Za kuti bizinesi sikuyenda, ana akufuna fizi, anthu inu ndinu akuba, zisiyeni kunja. Wowerenga kalatayo akufuna manambala oti alowetse mu kompyuta. Ngati mtengo wa yunitsi unasintha mkati mwa miyezi imeneyi, kapena mumalipira mtengo wokwera mukapyola mlingo wina pamwezi, onjezani chiganizo chopempha kuti mayunitsi 1,290 aja awagawe molingana ndi masiku a mwezi uliwonse. Akawaunjika pa mwezi umodzi mudzapezeka mwapambana mlandu koma mwalipira pamtengo wapamwamba.

Pitani ndi makope awiri. Imodzi muisiye kwawo, inayo akudindireni chidindo chokhala ndi tsiku, alembepo nambala ya dandaulo lanu ndi dzina la wolandira. Mabilu ndi malisiti perekani mafotokope okha. Kope yodindidwayo ijambulitseni ina muimate mkati mwa bokosi la mita, ndipo wogulitsa mu shopu adziwe pamene ili, poti odula amakonda kufika mwini atachoka. Masiku amene anakuuzani akadutsa osayankhidwa, kope yomweyo ndi imene mupite nayo ku bungwe loyang'anira makampani a magetsi, chifukwa kumeneko funso loyamba limakhala lakuti kodi munayamba mwadandaula kwa eni ake.

Komabe, ngakhale ndalusa chonchi, ndikuuzeni zoona. Ngati tsiku lodula layandikira ndipo sanakulembereni papepala kuti aimitsa, lipirani yonse, mulembe m'kalatamo kuti mwalipira koma simukugwirizana nayo. Zopyolazo kawirikawiri amaziika pa akaunti yanu n'kumachotsera mabilu akutsogolo. Zimapweteka, koma katundu wa mufiriji palibe adzakubwezereni. Chinanso, chitani masamu aja musanatumize chilichonse. Kuyerekeza kumalakwika mbali zonse ziwiri, ndipo mita ikakhala patsogolo pa nambala ya pa bilu, kalata yanu ikubweretserani ngongole yokulirapo. Ngati shopu ili ndi mita yaikulu yodzera m'ma CT, tizipangizo timene timachititsa kuti mita iziwerenga kachigawo chabe ka magetsi amene akudutsa, onani pa bilu nambala yochulukitsira: ya 200/5 imatanthauza kuti kusiyana kwa manambala muchulukitse ndi 40, ndiye musathamangire kunena kuti akuberani. Ndipo ngati mita ili kuseri kwa geti limene mumakhoma, wowerenga uja mwina anabweradi katatu konse n'kubwerera. Mukatero muwauze m'kalatamo maola amene shopu imakhala yotsegula, komanso mufunse ngati amalola kuti muziwatumizira nokha chithunzi cha mita mwezi uliwonse tsiku lowerengera lisanafike.