Yambani ndi kalendala ndi munda umodzi wa chimanga

"Tilipo atatu kuno ku Ulongwe: wolemba pulogalamu, wojambula, ndi ine. Tikufuna kupanga gemu ya ulimi wa kwathu ku Angonia. Ndalemba masamba 40 a mapulani, koma anzangawo akuti sakuona poyambira. Ndalakwitsa pati?"

Achimwene, masamba anu ndawawerenga onse. Nkhani ya mudzi ndi yokoma, mbewu mwatchula 12, koma palibe pamene mwanena kuti tsiku limodzi la m'gemu ndi mphindi zingati. Wolemba pulogalamu sangayambe popanda nambala imeneyo, chifukwa kukula kwa mbewu, kugwa kwa mvula ndi kutha kwa chakudya m'nkhokwe zonse zimayendera pa iyo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mwezi ukhale masiku 4 a m'gemu, tsiku likhale mphindi 5. Chaka ndiye masiku 48, kapena maola 4 akusewera. Chimanga chokhwima pa miyezi inayi chidzatenga masiku 16, zomwe ndi mphindi 80. Apa ndi pamene pali funso lenileni la chikalata chanu: munthu wagwira foni, wabzala ndi mvula yoyamba kumapeto kwa Novembala, nanga mphindi 80 zimenezi azichita chiyani? Ngati ndi kungodikira, aitseka gemuyo chimanga chisanamasule ngayaye.

Yankho lili m'minda yomwe mumaidutsa popita ku Domwe. Nthawi yopalira ndi yomwenso ufa umayamba kuchepa m'nyumba zambiri, ndipo munthu amasankha pakati pa kupalira kwake ndi kukagwira ganyu kwa mnzake kuti ana adye. Kusankha kumeneku ndiye mtima wa gemu yanu, ndipo kuyenera kulembedwa ndi manambala. Wosewera akhale ndi mphamvu 10 patsiku. Kupalira ndime imodzi kudye mphamvu 4, ganyu adye 6. Ndime zikhale zinayi, ndipo masiku opalira akhale awiri okha, tsiku lachitatu ndi lachinayi chibzalireni. Akapanda kupita kuganyu, apalira ndime ziwiri lero, ziwiri mawa, wamaliza, koma agona ndi njala. Akapita kuganyu tsiku limodzi, apalira ndime imodzi tsikulo ndi ziwiri mawa lake, ndipo yachinayi itsala ndi udzu. Tsopano lembani chilango momveka: ndime yochedwa kupalira itaya thumba limodzi pa matumba 10 tsiku lililonse lochedwa. Mulembenso kuti wogona ndi njala adzuka ndi mphamvu 8, apo ayi njalayo ingokhala mawu. Pamenepo mphamvu 8 zikukwanirabe ndime ziwiri, choncho usiku umodzi wa njala apirira, koma wachiwiri wotsatizana umutsitsire pa 6.

Manambalawa ndi oyambira chabe, mudzawasintha kambirimbiri. N'chifukwa chake asamwazike m'ziganizo. Aikeni pamalo amodzi, m'fayilo yomwe pulogalamu ikawerengenso:

```
{"mbewu": "chimanga", "masiku": 16,
 "kupalira": [3, 4], "matumba": 10,
 "kutaya_patsiku": 1}
```

Nambala ikalembedwa malo awiri, tsiku lina wina adzasintha pamodzi n'kuiwala pena, ndipo mudzakangana kuti yoona ndi iti.

Musanalembe mzere ndi umodzi womwe wa pulogalamu, sewerani nyengoyi papepala. Jambulani ndime zinayi pakatoni, nyemba zouma zikhale mphamvu, zitsekerero za mabotolo zikhale chakudya, muitane munthu amene sanawerenge chikalatacho. Ine ndidayesa ndi mphwanga pakhonde, ndipo sanapite kuganyu ngakhale kamodzi. Nditamufunsa anangoloza mulu wa zitsekerero n'kunena kuti, "Nanga achimwene, ndivutikirenji chakudya chilipo?" Ndidamupatsa chakudya chochuluka poyambira. Mukaona wosewera akupita kuganyu nthawi zonse osaganizako kawiri, dziwani kuti chilango cha udzu chachepa. Chomwe mukufuna kuona ndi munthu atagwira nyemba m'manja, akuzengereza kuti aziike pati.

Za mbewu 12 zija, pepani, zichepetseni. Mbewu iliyonse ikufuna zithunzi za misinkhu inayi ya kakulidwe, ndipo msinkhu uliwonse ukhale pawiri, wathanzi ndi wofooka. Ndi zithunzi 8 pambewu, ndiye 96 kwa wojambula mmodzi, asanakhudze n'komwe nyumba, ngolo kapena msika. Chimanga, nyemba ndi kachewere ndi zithunzi 24, ndipo zitatuzi zikukwanira kuti munthu azindikire Angonia ndi Tsangano. Fodya, soya ndi ntchemberezandonda zipite patsamba lomaliza, pansi pa mutu wakuti "Zimene sitipanga pano", kuti wina akazikumbukira pakati pa ntchito mungomulozera tsambalo.

Nkhani ya mudzi musaitaye, isungeni padera. Chimene mukawapatse anzanu Lolemba ndi masamba anayi: kalendala, malamulo a kupalira ndi ganyu, manambala a mbewu zitatu, ndi mndandanda wa zithunzi 24 wokhala ndi kukula kwa chithunzi chilichonse.